Wolemba akakhala boma kapena bungwe: kasanjidwe ka marefarensi mu kafukufuku wanu

Funso ili landifika kokwanira. Nyengo yopereka kafukufuku ikayandikira, aphunzitsi a ku Nchalo amene akuchita maphunziro apatali, alangizi a zaulimi a ku Ngabu ndi a zaumoyo a ku Bangula amanditumizira chithunzi cha chikuto cha lipoti, n'kufunsa zofanana: "Apa wolemba ndi ndani, nanga ndimuike pa chilembo chiti?" Ndalemba kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomupatsa izi.

Ife olemba za kuno ku chigwa cha Shire vutoli silitiphonya. Mukafuna chiwerengero cha anthu a ku Nsanje, kukula kwa minda yomwe inakokoloka, kapena ndondomeko ya ulimi wamthirira, simupeza buku lokhala ndi dzina la munthu pachikuto. Mupeza malipoti a boma, a khonsolo, a kampani ndi a mabungwe akunja. Ndiye mndandanda wa mabuku amene mwagwiritsa ntchito, uja timauti marefarensi, umadzaza ndi mayina ataliatali a maofesi.

Kalembedwe komwe tikukamba ndi kaja kotchula wolemba ndi chaka m'mabulaketi mkati mwa nkhani, zonse za bukulo n'kukazilemba kumapeto. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi: mawu oyamba amene wowerenga waona m'mabulaketi akamufikitse pa mzere woyenera kumapeto popanda kulota. Zili ngati kuchigayo, dzina lomwe mwalemba pathumba ndi lomwe aitane ufa ukatuluka. Tiyerekeze kuti mukulemba za madzi osefukira ndi ulimi wamthirira ku Nsanje ndi Chikwawa, tiyende nazo mpaka mndandanda utasanjika.

1. Dziwani kalembedwe komwe sukulu yanu ikufuna

Musalembe mzere ndi umodzi womwe musanatsegule kabuku ka malangizo ka dipatimenti yanu. Mupezamo limodzi mwa mayina atatu: APA, Chicago kapena Harvard. APA ndi Chicago ali ndi mabuku awo a malamulo, ndipo pa nkhani ya mayina achidule amasiyana kwenikweni, monga muonere pa sitepe 5. Harvard alibe buku limodzi lolamulira onse, yunivesite iliyonse ili ndi kake, choncho mnzanu wa sukulu ina akakuuzani kuti "Harvard amatere", akunena za kwawo. Zitsanzo zanga ndi za APA ya chisanu ndi chiwiri, ya 2020, ndipo pomwe ena asiyana ndinena.

2. Pezani wolemba weniweni

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo malangizo ambiri amangopadumpha ngati kuti lipoti lililonse limabwera litalembedwa kale kuti wolemba ndi uje.

Tengani lipoti lounika zomwe madzi osefukira a Januwale 2015 anaononga, lomwe mutu wake ndi Malawi 2015 Floods Post Disaster Needs Assessment Report. Ntchitoyo inali ya boma la Malawi, ndi thandizo la World Bank, United Nations ndi European Union. Wina amalitenga pa tsamba la World Bank n'kulemba kuti wolemba ndi World Bank. Wina amalitenga pa ReliefWeb n'kulemba ReliefWeb. Wachitatu amati za madzi osefukira mwini wake ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'kulemba DoDMA. Lipoti limodzi, olemba atatu, ndipo palibe amene wayang'ana chikalatacho.

Pomwe mwalitenga lipoti si mwini lipotilo. ReliefWeb ndi nkhokwe chabe yosungiramo malipoti a mabungwe ambirimbiri. Zizindikiro zondandalikidwa m'munsi mwa chikuto kawirikawiri zimakhala za amene anapereka ndalama kapena ukadaulo, ndipo wopereka ndalama si wolemba. Kuti mupeze wolemba, yang'anani malo anayi motsatana.

Yambani ndi kuseri kwa chikuto kapena tsamba lachiwiri. Malipoti ena amakuuzani okha mmene muwatchulire, pansi pa mawu oti `Suggested citation` kapena `Recommended citation`. Kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey 2015-16 ali ndi mzere wotere, ndipo umatchula olemba awiri, National Statistical Office ndi ICF, chaka 2017. Mukaupeza mzerewu nkhani ya wolemba ndi chaka yatha. Koma musaukopere mmene ulili. Tengani mayina ndi chaka, mipumiro ndi mabulaketi muike motsatira kalembedwe ka sukulu yanu.

Ngati palibe, pitani pa tsamba la mutu muone ngati pali mayina a anthu. Mabungwe ambiri amalemba ntchito akatswiri apadera kuti awachitire kafukufuku. Mayina a anthuwo akalembedwa pachikuto kapena pa tsamba la mutu, olemba ndi iwowo, ndipo bungwe limapita pa malo a wofalitsa. Akangopezeka m'mawu othokoza, pakati pa madalaivala ndi otolera mayankho, wolemba ndi bungwe. Nduna kapena mlembi wamkulu amene wasaina mawu otsogolera si wolemba ayi, ngakhale chithunzi chake chitadzaza tsamba.

Kachitatu yang'anani mzere wokhala ndi chizindikiro cha ©, womwe umanena mwini chikalata. Pomaliza werengani mawu otsogolera ndi othokoza, pomwe nthawi zambiri pamanenedwa ofesi yomwe inakonza lipotilo ndi amene anangothandiza.

Tsopano vuto la zikalata za boma ndi loti dzina limabwera mosanjikizana. Pamwamba pali chizindikiro cha dziko ndi dzina la boma, pansi pake unduna, mwina pansi pakenso dipatimenti. APA ya 2020 imati mutenge ofesi yeniyeni yomwe yatchulidwa, ija ya pansi pa zonse, ikhale wolemba, ndipo za pamwamba pake zipite pa malo a wofalitsa. Choncho lipoti la kalembera wa 2018 wolemba wake ndi National Statistical Office, osati boma la Malawi, ngakhale ofesiyo ili ya boma. Ndondomeko ya zaulimi ya 2016 wolemba wake ndi Ministry of Agriculture, Irrigation and Water Development. Dzina la boma mumaliika ngati wolemba pokhapokha chikalata chikatuluka m'dzina la boma lonse, osapatula unduna umodzi, monga lipoti la madzi osefukira a 2015 lija, lomwe linakhudza ulimi, misewu, nyumba, maphunziro ndi zaumoyo pamodzi.

Supavaiza amene anaphunzira ndi APA yakale kapena Harvard ya mtundu wina akhoza kukuuzani kuti muyambe ndi wamkulu, kutsikira kwa wamng'ono, motere: `Malawi. Ministry of Health.` Malaibulale amasanjanso choncho. Si kulakwa, ndi njira ina. Akakuuzani zimenezo tsatirani, koma zikalata zonse za boma zilembedwe motero, ndipo zonse zikakhala pa M.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chotaya chilichonse cha boma m'thumba limodzi lotchedwa GoM, chidule cha Government of Malawi. N'chosavuta kwa wolemba, koma taonani zotsatira zake. Kalembera, ndondomeko ya ulimi, ya mthirira, ya zaumoyo, zonse zimasanduka GoM, ndipo zotuluka chaka chimodzi zimafika 2016a, 2016b, 2016c, 2016d. Wowerenga akaona `(GoM, 2016c)` sadziwa ngati mawuwo achokera kwa a zaulimi kapena a zaumoyo mpaka atatembenuza masamba, pomwe dzina la unduna likanamuuza pomwepo.

3. Lembani dzina mmene linalili pa nthawi yomwe chikalata chinatuluka

Maunduna a kwathu amasintha mayina pafupipafupi, boma likasintha kapena nduna zikasankhidwa mwatsopano. Unduna wa zaulimi unakhalapo Ministry of Agriculture and Food Security, unakhalanso Ministry of Agriculture, Irrigation and Water Development, ndipo wasinthanso pambuyo pake. Musakonze dzina lakale kuti lifanane ndi la lero. Munthu wofuna chikalata cha 2016 akachisaka ndi dzina lomwe lili pachikuto chake. Chimodzimodzi makhonsolo: lamulo la maboma ang'ono lisanasinthidwe mu 2010 ankatchedwa District Assembly, ndiye chikalata chomwe chalembedwa Nsanje District Assembly chikhale chomwecho, chapambuyo pake chikhale Nsanje District Council. Malipoti akale a kampani ya shuga ya ku Nchalo ali m'dzina la Sugar Corporation of Malawi, kapena SUCOMA, ndipo amapita pa S, pomwe atsopano a Illovo Sugar (Malawi) amapita pa I. Ngati mukuopa kuti wowerenga aganiza kuti ndi makampani awiri, mufotokozereni m'nkhani mwenimwenimo ndi chiganizo chimodzi, mndandanda musaukhudze.

Pali pamodzi pomwe ndimalola kugwirizanitsa. Zikalata za boma zina zimalembedwa Government of Malawi, zina Malawi Government, zina Republic of Malawi. Mukatsatira chikuto chilichonse, boma limodzi limamwazika pa G, pa M ndi pa R. Apa dzina silinasinthe mwalamulo, angosiyana ndi okonza zikuto. Maganizo anga ndi oti musankhe limodzi, ine ndimatenga Government of Malawi, mulisunge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Koma poti lamulo la APA ndi kulemba dzina monga lilili pa chikalata, muuzeni supavaiza kuti mwatero asanakulembereni ndi cholembera chofiira.

Mayina musawatanthauzire. Kaya nkhani yanu ili m'Chichewa, pa mndandanda sipalembedwa Unduna wa Zaumoyo ngati chikalata chikuti Ministry of Health. Inu a ku Marka ndi ku Nsanje boma amene mumafanizira ndi tsidya la Mozambiki, ofesi yawo ya kalembera ndi Instituto Nacional de Estatística, ndipo imakhala pa I ndi dzina lake la Chipwitikizi. Mukakhala ndi maofesi a mayiko awiri a dzina limodzi, monga Ministry of Health ya Malawi ndi ya Zambia, onjezerani dzina la dziko pa onse awiri kuti asasakanikirane. Ngati zonse ndi za Malawi, palibe chifukwa chotero.

4. Lembani mzere wa kumapeto ndi dzina lathunthu

Dzina la bungwe silitembenuzidwa ngati la munthu. Limalembedwa monga limawerengedwera, kenako mpumiro, chaka m'mabulaketi, mutu wa chikalata m'zilembo zopendekera, ndi wofalitsa.

```
National Statistical Office. (2019). 2018 Malawi population and housing census: Main report.
```

Onani zinthu ziwiri. Chaka ndi 2019, chifukwa kalembera anachitika mu 2018 koma lipoti lalikulu linatuluka mu 2019. Mukalemba kuti Nsanje inali ndi anthu 299,168 ndipo Chikwawa 564,684, chaka cha m'mabulaketi ndi cha lipoti, osati cha kalembera. Chachiwiri, dzina la ofesiyo silinabwerezedwe pa malo a wofalitsa. Mu APA ya 2020, wolemba akakhala yemweyo wofalitsa, wofalitsa amasiyidwa. Chicago amalibwereza. Ngati munatenga lipotilo pa intaneti, adiresi yake imabwera pamapeto.

Olemba akakhala mabungwe awiri, alumikizeni ndi `&` popanda mpatuliro pakati:

```
National Statistical Office & ICF. (2017). Malawi demographic and health survey 2015-16.
```

ICF musavutike kuitambasula. Kampaniyo yadzilemba choncho pa lipotilo, ndipo ndilo dzina lake.

Dzina likhale lalitali bwanji, pa mndandanda silidulidwa. Food and Agriculture Organization of the United Nations imalembedwa yonse mpaka Nations, ngakhale idye mzere wathunthu. Samalaninso kalembedwe ka eni ake: World Food Programme ili ndi `mme` kumapeto, World Health Organization ili ndi `z`, ndipo kompyuta ikafuna kukukonzerani muikanize.

5. Dzina lachidule lilowe kamodzi, pa malo ake

Mu APA chidule chimakhala m'nkhani mokha. Koyamba kutchula bungwe mumalemba dzina lonse ndi chidule chake, kenako mumangogwiritsa ntchito chidule. Dzina likakhala mbali ya chiganizo chanu, chidule ndi chaka zimalowa m'mabulaketi amodzi. Zonse zikakhala kale m'mabulaketi, chidule chimalowa m'mabulaketi a makona:

```
National Statistical Office (NSO, 2019)
(National Statistical Office [NSO], 2019)
(NSO, 2019)
```

Mzere woyamba ndi wachiwiri ndi njira ziwiri zoyambira, musankhe imodzi malinga ndi chiganizo. Wachitatu ndi wa paliponse pambuyo pake. Kumapeto, pa mndandanda, NSO saonekanso, pamangokhala dzina lonse. Wowerenga amalumikiza ziwirizi chifukwa munamuuza poyamba paja. Ndiye ngoziyo mwaiona: mukasuntha ndime pokonza kafukufuku, kapena supavaiza akakuuzani kuti muchotse gawo loyamba, malo omwe munatambasula dzina amapita nawo, ndipo `(NSO, 2019)` amatsala wamasiye. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kuposa kulakwitsa kalembedwe kenikeniko. Tsamba la mayina achidule lomwe limakhala kutsogolo kwa kafukufuku limathandiza, koma silichotsa udindo wotambasula dzina koyamba m'nkhani.

Chicago amalola njira ina. Mukhoza kuyamba mzere wa kumapeto ndi chidule, dzina lonse n'kulitsekera m'mabulaketi, koma mukatero mzerewo usanjidwe potsatira chidulecho:

```
NSO (National Statistical Office). 2019.
```

Njirayi ndi yabwino kwa wowerenga chifukwa chomwe waona m'nkhani ndi chomwe apeze kumapeto. Masukulu ena a Harvard amachitanso chimodzimodzi. Cholakwika ndi kuphatikiza, FAO kuilemba mwachidule pa mndandanda, World Food Programme mwathunthu, DoDMA mwanjira yachitatu.

Si bungwe lililonse lofunika chidule. Ngati mulitchula kamodzi kapena kawiri, lembani dzina lonse basi, chifukwa APA imalangiza kuti chidule chikhale cha dzina lomwe libwere katatu kapena kuposa. World Bank ndi mawu awiri, kuidula kuti WB sikupulumutsa kanthu. Ndipo musapeke chidule chanu. Wina amadula Chikwawa District Council kukhala CDC, kuiwala kuti kwa aliyense wa zaumoyo CDC ndi Centers for Disease Control and Prevention ya ku America, ndiponso kuti Chiradzulu ndi Chitipa nawo ali ndi makhonsolo oyamba ndi C. Nsanje District Council ikasanduka NDC, Neno, Ntcheu ndi Ntchisi atani? Mabungwe awiri akakhala ndi chidule chofanana m'kafukufuku mmodzi, APA imati onse awiri alembedwe mwathunthu nthawi zonse. Gwiritsani ntchito chidule chomwe eni ake amadzitchula nacho, ndi zilembo zake momwemo: DoDMA ili ndi `o` wamng'ono.

6. Sanjani motsatira alifabeti

Mndandanda ndi umodzi. Musapatule mabungwe kwaokha, boma kwaokha, anthu kwaokha, pokhapokha dipatimenti yanu italamula. Bungwe limalowa pakati pa mayina a anthu potengera liwu loyamba la dzina lake. `The` wa kumayambiriro sawerengedwa, choncho The World Bank ili pa W, osati pa T. Mayina akayamba mofanana, pitirirani ku liwu lotsatira mpaka pomwe asiyanirana.

Kafukufuku wathu uja wa madzi osefukira ndi mthirira, olemba ake a mabungwe asanjika motere mu APA:

```
Government of Malawi. (2015).
Ministry of Agriculture, Irrigation and Water Development. (2016a).
Ministry of Agriculture, Irrigation and Water Development. (2016b).
National Planning Commission.
National Statistical Office. (2019).
National Statistical Office & ICF. (2017).
Nsanje District Council.
World Bank.
World Food Programme.
World Health Organization.
```

Tiyeni tione chifukwa chake mzere uliwonse uli pomwe ulipo. National Planning Commission yatsogola National Statistical Office chifukwa liwu loyamba n'lofanana, ndipo P amabwera S asanafike. Onse awiri atsogola Nsanje chifukwa chilembo chachiwiri cha National ndi a, cha Nsanje ndi s. Ma World atatuwo asiyanirana pa B, F ndi H.

Lipoti la 2019 latsogola la 2017, ndipo ambiri amafuna kuwatembenuza poganiza kuti chaka chakale chiyambe. Chaka chimalamula pokhapokha wolemba akakhala yemweyo ndendende. Apa woyamba ndi National Statistical Office payokha, wachiwiri ndi National Statistical Office pamodzi ndi ICF, ndipo lamulo ndi loti wolemba ali yekha amatsogola wolemba yemweyo ali ndi mnzake, chaka chikhale chilichonse.

Za 2016a ndi 2016b zili motere. Undunawu unatulutsa National Agriculture Policy ndi National Irrigation Policy chaka chimodzi. Zilembo a ndi b sizitengera chomwe mwayamba kutchula m'nkhani, zimatengera alifabeti ya mitu ya zikalatazo. Agriculture imatsogola Irrigation, choncho ya ulimi ndi 2016a, ya mthirira ndi 2016b, ngakhale kafukufuku wanu atayamba ndi za mthirira wa Shire Valley Transformation Programme pa tsamba loyamba. Mukadzawonjezera chikalata chachitatu cha unduna womwewo cha 2016, zilembo zikhoza kusuntha, ndipo muyenera kubwerera m'nkhani monse kukazikonza. N'chifukwa chake ndi bwino kuika zilembozi kumapeto, zikalata zonse zitasonkhana.

Tsopano mbali ya mndandanda womwewo mukaisanja ndi mayina achidule, mwa njira ya Chicago ija, malo amasintha:

```
NPC (National Planning Commission)
Nsanje District Council
NSO (National Statistical Office)
WFP (World Food Programme)
WHO (World Health Organization)
World Bank
```

Nsanje yalowa pakati pa NPC ndi NSO, chifukwa pambuyo pa N ndi S, Nsanje ili ndi a pomwe NSO ili ndi O. World Bank, yomwe inali patsogolo, yapita pambuyo, chifukwa F ndi H amatsogola o. Apa ndi pomwe woyesa kafukufuku amagwirira munthu amene wasakaniza njira ziwiri. Akaona mzere woyamba ndi WFP uli pansi pa World Bank, amadziwa kuti mwalemba chidule koma mwasanja ndi dzina lonse.

7. Musakhulupirire kompyuta pa mayina a mabungwe

Mapulogalamu osanja marefarensi amaganiza kuti wolemba aliyense ndi munthu. Mukalemba National Statistical Office m'bokosi la wolemba popanda kuwauza, amatenga liwu lomaliza ngati dzina la bambo, ndipo pa mndandanda pamatuluka `Office, N. S.` pa chilembo O. World Bank imasanduka `Bank, W.` Mukaona mzere woyamba ndi Office, Bank, Council, Programme kapena Development wotsatiridwa ndi zilembo zokhala ndi mipumiro, matenda ake ndi amenewa.

Mu Word, polowetsa chikalata chatsopano pa `References`, `Insert Citation`, `Add New Source`, chongani kabokosi ka `Corporate Author` ndipo dzina mulilembe m'bokosi la pambali pake. Mu Zotero, bokosi la wolemba limakhala logawika pawiri, ndiye dinani kabatani ka pambali pake kuti likhale limodzi musanalembe dzina. Zikalata zomwe Zotero yadzikokera yokha pa intaneti muzitsegule chimodzichimodzi, chifukwa nthawi zina imasiya wolemba wopanda kanthu kapena kudula dzina pakati. Inu a sayansi olemba ndi BibTeX, dzina litsekeni kawiri:

```
author = {{Food and Agriculture Organization of the United Nations}}
```

Mukatseka kamodzi, BibTeX imaona `and` ngati malire a olemba awiri, n'kukupatsani wolemba wina dzina lake Food.

Pulogalamu sidziwanso kuti koyamba mukufuna dzina lonse ndi chidule, kenako chidule chokha. Imangobwereza dzina lonse paliponse. Mu Zotero mukhoza kubisa wolemba pa malo amenewo kuti patsale chaka, chidule n'kulemba nokha. Mu Word mukhoza kusandutsa malowo kukhala mawu wamba ndi `Convert citation to static text` musanawakonze, koma dziwani kuti mukatero sadzasinthanso okha mukakonza chaka kapena dzina. Ntchito imeneyi muisiye mpaka kafukufuku atatha kukonzedwa.

8. Yendani ulendo wa wowerenga musanapereke

Sindikizani mndandanda wokhawo, masamba awiri kapena atatu, muuike pambali pa kompyuta. Yambani tsamba loyamba la nkhani, ndipo pa mabulaketi aliwonse okhala ndi bungwe funsani ngati liwu loyamba likukufikitsani pa mzere umodzi wokha, wa chaka chomwecho ndi chilembo chomwecho. Chongani mzerewo papepala. Mukafika kumapeto, mzere wopanda chochonga ndi chikalata chomwe simunachitchule m'nkhani, chichotseni, ndipo mabulaketi omwe sanapeze mzere akufuna muwalembere.

Kenako tengani chidule chilichonse, NSO, DoDMA, FAO, WFP, muchisake ndi `Ctrl+F` kuchokera pamwamba pa mutu woyamba. Malo oyamba omwe kompyuta yaima akhale pomwe pali dzina lonse. Ikaima pa chidule chili chokha, tambasulani pomwepo, ndipo pomwe munatambasula kale kutsogoloko mubwezeretse chidule. Sakaninso GoM, Malawi Government ndi Republic of Malawi kuti muone ngati boma silinalowe ndi mayina awiri, limodzi m'mutu wachiwiri womwe munalemba miyezi yapitayo, lina m'mutu wachisanu womwe mwamaliza sabata ino. Mukapeza kusiyana, konzani m'nkhani ndi pa mndandanda nthawi yomweyo, kenako muonenso ngati zilembo a ndi b za chaka chimenecho zikadali m'malo mwake.